Malo Opanda Kanthu Amene Anafotetsa Logo ya Kwaya Yathu

Chaka china kwaya ya kumpingo kwathu inagwirizana zosindikitsa matisheti atsopano, ndipo popeza anthu amanditenga kuti ndimatha za kompyuta, ntchito yokonza chithunzi inagwera ine. Sinkaoneka yovuta. Tinali nayo kale fayilo ya chikondwerero cha chaka chapitacho: kumanzere kunali logo ya kwaya, kumanja kunali tsiku, malo ndi mutu wa mwambowo. Ndinafufuta mawu onse a kumanjawo, logo n'kutsala yokha. Ndinasunga fayiloyo ngati PNG, n'kuitumiza kwa mnyamata wina wosindikiza mu Limbe ndi uthenga wakuti ikhale masentimita 25 m'lifupi, pakati pa chifuwa.

Nditapita kukaona matisheti khumi oyamba, ndinapeza logo yaing'ono ngati chikhatho, komanso yosunthira mbali imodzi ngati ikuthawa mnzake. Ndisanayambe n'kudandaula komwe, mnyamatayo anatembenuza sikirini kuti ndione. "Achimwene, fayilo yanu ndaiika pa 25 monga munanenera. Taonani nokha." Sankanama. Bokosi lozungulira chithunzicho linalidi masentimita 25, koma logo inangodzaza theka la bokosilo. Kwinako kunali malo amene munali mawu ndinafufuta aja, opanda kanthu koma akuwerengedwabe.

Mlimi akazula mbewu mbali imodzi ya munda, malire a mundawo sasuntha. Chithunzi cha pa kompyuta chilinso ndi malire ake, omwe okonza zithunzi amawatcha kanivasi. Kanivasi nthawi zonse imakhala ya ngodya zinayi, ngakhale chojambulidwacho chikhale chozungulira ngati mbale, ndipo imapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, tondandalikidwa m'mizere. Mukafufuta chinthu, mapikiselo amene anali pamenepo sachoka ayi. Amangosanduka oonekera, ngati galasi la pazenera lopukutidwa bwino, koma malo awo amakhala pomwepo.

Mu fayilo ya PNG pikiselo iliyonse imatha kusunga manambala anayi. Atatu amanena za mtundu, kuti kufiira, kubiriwira ndi buluu zachuluka motani. Yachinayi imatchedwa alefa, dzina la chilembo choyamba cha Chigiriki chomwe ambiri tinachidziwira kutchalitchi, ndipo imanena kuti pikiseloyo ikuphimba motani zimene zili kuseri kwake. M'mafayilo ambiri nambalayi imayambira pa 0 kufika pa 255. Ikakhala 255 pikiselo imaphimba kotheratu, ikakhala 0 sioneka n'komwe, ndipo manambala a pakatiwo ndi amene amapangitsa kuti m'mphepete mwa chilembo muoneke mosalala kapena kuti chithunzithunzi chizilala pang'onopang'ono. Kufufuta ndi kungotsitsa nambala imeneyi kufika pa 0. Malo otero mapulogalamu amawasonyeza ndi timabokosi totuwa ndi toyera tonga pa bolodi la dirafuti, pofuna kukuuzani kuti apa palibe utoto uliwonse, ngakhale woyera.

Tiyeni tiwerengere fayilo yanga ija, chifukwa masamu ake ndi a ku pulayimale. Kanivasi inali mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 2000 kuchoka pamwamba kufika pansi. Logo inali mapikiselo 1500 m'lifupi ndi 1200 kutalika. Kumanzere kwake kunatsala malo a mapikiselo 300, kumanja 1200, pamwamba 400 ndi pansi 400. Wosindikiza ataika mapikiselo 3000 onsewo pa masentimita 25, logo inalandira theka, masentimita 12.5. Kupendekeka kunachokeranso pomwepo. Pakati pa kanivasi panali pa pikiselo ya 1500, pamene pakati pa logo panali pa 1050, kusiyana kwa mapikiselo 450, omwe pa nsalu anakhala masentimita pafupifupi anayi. Pa chifuwa cha munthu masentimita anayi amaonekera ngakhale kwa amene wakhala mpando wakumbuyo m'tchalitchi.

Vuto lomweli limapezeka mu ofesi tsiku ndi tsiku, kungoti anthu sadziwa kuti ndi limeneli. Mlembi akuika chidindo kapena siginecha ya bwana pa kalata mu Word, chithunzicho chikukana kufika m'mphepete mwa tsamba, mawu akuchithawa patali, akadina batani loika pakati chikukhalabe chopendekeka. Kuyesa n'kosavuta. Dinani chithunzicho kamodzi, muone pamene timadontho tokokera tagwera. Ngati tili patali ndi chojambulacho, kapena tatalikira mbali imodzi kuposa inzake, fayiloyo yanyamula malo opanda kanthu. Word ili ndi chida chake cha `Crop`, koma chimangokonza kalata imodziyo, ndipo fayilo yeniyeni imakhalabe mmene inalili, kudikira kukavutitsa munthu wina mawa.

Kudula kwenikweniko n'kwa masekondi ochepa. Mu Photoshop mupita ku `Image` kenako `Trim`. Pakabokosi kamene katuluke, pansi pa `Based On` sankhani `Transparent Pixels`, ndipo pansi pa `Trim Away` siyani mbali zonse zinayi zili zochongedwa. Pulogalamuyo imayambira m'mphepete kulowa m'kati, n'kumachotsa mzere uliwonse umene mapikiselo ake onse ndi oonekera, mpaka itakumana ndi mzere umene muli kanthu. Imatero kumanzere, kumanja, pamwamba ndi pansi, n'kusiya bokosi laling'ono kwambiri limene chojambulacho chingakwanemo. Photopea, imene imagwira ntchito pa intaneti popanda kulipira, ili ndi lamulo la dzina lomwelo pa malo omwewo. Mu GIMP, yomwenso ndi yaulere, lamulolo ndi `Image` kenako `Crop to Content`. Amene anaphunzira pa GIMP yakale, isanatuluke ya 2.10 mu 2018, ankalidziwa ndi dzina la `Autocrop Image`.

Wina angafunse chifukwa chosangodula ndi dzanja, pokoka bokosi ndi mausi. N'zotheka, ndipo ambiri amatero. Koma diso silingaone kuti latsala mapikiselo 14 kumanzere ndi 31 kumanja, kapena kuti ladya kansonga ka chilembo. Lamulo lodula lokha limaima pa pikiselo yeniyeni, nthawi zonse mofanana.

Musanadule, sungani kaye kope lina la fayilo yoyambirira, ya PSD kapena XCF, imene ili ndi maleya ake onse. Leya ndi ngati pepala loonekera limene laikidwa pamwamba pa linzake, lililonse lili ndi gawo lake la chithunzi. Kudula kumachepetsa kanivasi ya maleya onse, ngakhale amene mwawabisa, ndiye chaka chamawa mukadzafuna kubwezeretsa mawu a kumanja aja mudzapeza malo ake kulibe. Mu GIMP yakale munali msampha wina woonjezera. `Autocrop Image` inkayang'ana leya imene mwaisankha pa nthawiyo yokha, n'kudula chithunzi chonse potengera leya imeneyo. Logo ikakhala ndi chojambula pa leya ina ndi dzina la kwaya pa leya ina, ndipo mwasankha ya chojambula, dzinalo linkadulidwa. Mankhwala ake anali kuphatikiza kaye maleya ooneka pa kope lija ndi `Merge Visible Layers`, kenako n'kudula.

Mpaka apa zonse zikumveka zophweka, ndipo ndikanakonda kunena kuti usiku womwewo ndinamaliza mu mphindi imodzi. Ndinadina `Trim`, chithunzi chinachepadi, koma nditayang'ana manambala ndinapeza 2410 ndi 1200. Kutalika kunali kolondola, kumanzere kunadulidwa bwino, koma kumanja kunatsala malo a mapikiselo 910 amene diso langa linkaona kuti mulibe kanthu. Ndinabwereza kawiri, osasintha.

Pulogalamu sinalakwitse. Mawu amene ndinafufuta aja anali ndi chithunzithunzi chofewa kuseri kwake, ndipo ndinawafufuta ndi chofufutira cha m'mphepete mofewa, chomwe chimafufuta kwambiri pakati koma pang'ono chabe m'mbali mwake. Panatsala timapikiselo tingapo ta alefa yotsika kwambiri, mwina 2 kapena 3 pa 255. Munthu sangatione ngakhale atayandikitsa nkhope pa sikirini, makamaka pa timabokosi totuwa tija. Koma kwa lamulo lodula, chilichonse chimene si 0 ndi kanthu. Pikiselo imodzi yokha ya alefa 1 ikakhala pangodya, kanivasi yonse imakakamira pamenepo, ngati chikhomo chimodzi choiwalika chimene chagwira tenti yonse.

Chifukwa chake chizolowezi chofunika kwambiri pa ntchitoyi ndi kuwerenga manambala mukatha kudula, osangokhulupirira maso. Musanadule yerekezani kukula kwa chojambulacho pokoka bokosi losankhira mozungulira n'kuona manambala ake. Mukadula yerekezani ndi kukula kwatsopano kwa fayilo. Akasiyana ndi mapikiselo ochepa, mwina ndi kufewa kwa m'mphepete. Akasiyana ndi mazana, pali zinyalala, ndipo mbali imene yakana kudulika ikukuuzani kumene zili. Komanso kadontho kakutali kwambiri kali ndendende m'mphepete mwatsopanomo, chifukwa ndi kamene kaimitsa kudulako.

Kuti zinyalalazo zioneke pali njira ziwiri zimene ndimadalira. Mu Photoshop ikani pa leyayo `Stroke`, yopezeka pansi pa `Layer Style`, ya mtundu wofiira, yokhuthala mapikiselo 10, `Position` ikhale `Outside`. Pulogalamuyo imajambula mzere wofiira kuzungulira chilichonse chimene chili pa leyayo, choncho kadontho kosaoneka kaja kamatuluka ngati chiphuphu chofiira. Mukamaliza kuyeretsa, chotsani mzerewo. Mu GIMP pangani kope la leyayo, mupite ku `Layer`, `Transparency`, `Threshold Alpha`, n'kutsitsa nambala yake kufika pa 0. Pikiselo iliyonse imene ili ndi alefa yoposa 0 isanduka yophimba kotheratu. Ikani leya yakuda pansi pake, kenako yesani yoyera, poti zinyalala zoyera zimabisala pa choyera ndipo zakuda pa chakuda. Nditachita izi pa fayilo yathu, kumanja kunatuluka kamzere ka timadontho kopindika, kotsatira pomwe chofufutira chinadutsa. Mukaona zimene mumafuna, tayani leya yoyeserayo, chifukwa `Threshold Alpha` imaononga kusalala kwa m'mphepete n'kusiya zilembo za mano ngati sowo.

Poyeretsa musabwererenso ku chofufutira chofewa chimene chinayambitsa vutolo. Tengani chida chosankhira cha ngodya zinayi, onetsetsani kuti `Feather` ili pa 0 kapena yazimitsidwa, kokani bokosi lozungulira logo yonse mosiya kampata pang'ono, kenako tembenuzani chosankhacho kuti chigwire zakunja. Lamulo lake ndi `Inverse` mu Photoshop ndi `Invert` mu GIMP, onse pansi pa `Select`. Dinani `Delete`. Chilichonse chakunja kwa bokosilo chafika pa 0 weniweni, chooneka ndi chosaoneka chomwe. Chotsani chosankhacho, mudulenso. Ulendo uno fayilo yanga inatuluka 1500 ndi 1200.

Kusiya zinyalalazi sikungokulitsa bokosi chabe. Makina osindikiza pa filimu yomatira pa nsalu, omwe osindikiza amawatcha DTF, amathira inki yoyera kuseri kwa mitundu kuti ioneke bwino pa nsalu yakuda. Mapikiselo ofooka aja amatha kulandira inki yoyerayo, n'kutuluka ngati ufa wowazika pa tisheti yakuda. Pa sikirini panalibe kanthu, pa nsalu pali madontho, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Nthawi zina lamulo lodula limakaniratu kuchita chilichonse, ndipo chifukwa chake n'chakuti palibe malo oonekera enieni. Mu Photoshop kawirikawiri ndi leya yoyera ya `Background` imene yatsala yoyatsidwa pansi. Izimitseni podina kadiso kake. Mu GIMP, leya yopanda alefa ukafufutapo imadzaza mtundu wakumbuyo m'malo moonekera, ndipo dzina la leya yotero limalembedwa mokhuthala pa mndandanda wa maleya. Pitani ku `Layer`, `Transparency`, `Add Alpha Channel` musanayambe kufufuta. Palinso zithunzi zachinyengo zotengedwa pa intaneti, zimene timabokosi ta dirafuti tija tinajambulidwa ngati gawo la chithunzicho. Ikani leya yofiira pansi pake. Kufiira kukapanda kuonekera, timabokosito ndi utoto chabe.

Amene amakonza mafayilo ambiri, monga zithunzi za katundu wa m'sitolo kapena masiginecha a antchito, angapeputse ntchito ndi ImageMagick, pulogalamu yaulere yolamulidwa polemba. Lamulo loyamba apa limangokuuzani bokosi limene lingatsale, osasintha fayilo, ndipo lachiwiri limadula:

```
magick identify -format "%@" logo.png
magick logo.png -trim +repage logo-yodula.png
```

Pa fayilo ngati yathu isanayeretsedwe, yankho la lamulo loyamba likhala `2410x1200+300+400`, kutanthauza bokosi la 2410 ndi 1200 loyambira mapikiselo 300 kuchoka kumanzere ndi 400 kuchoka pamwamba. Mawu akuti `+repage` musawaiwale, chifukwa popanda iwo fayilo yodulidwayo imasungabe chikumbutso cha pamene inakhala pa kanivasi yakale, ndipo mapulogalamu ena amaiika mosunthika. Mutha kuonjezera `-fuzz 3%` patsogolo pa `-trim` kuti pulogalamuyo inyalanyaze mapikiselo ofooka kwambiri. Ine njira imeneyi sindiikonda pa ntchito yokasindikiza. Imathandiza kudula m'mbali, koma zinyalala zimene zili m'kati mwa bokosi zimatsala momwemo, ndipo ngati logo ili ndi chithunzithunzi chofewa chimene munachifuna, imachidula mowongoka ngati ndi mpeni.

Chithunzithunzi chimenechi chili ndi nkhani yakenso. Lamulo lodula limachiwerenga ngati gawo la chojambula, ndipo likhoza kutero. Koma chithunzithunzi nthawi zambiri chimagwera mbali imodzi, kumanja ndi pansi. Chikatambasuka mapikiselo 60 kumanja, pakati pa bokosi pasuntha ndi mapikiselo 30 kuchoka pakati pa logo yeniyeniyo. Pa kalata simungazindikire, koma pa chikwangwani chachikulu zimaoneka. Ngati kukhala pakati n'kofunika, dulani, kenako muonjezere malo ofanana ndi chithunzithunzicho mbali inayo kuti sikelo ikhazikike.

Zokamba za kudula zisakupatseni maganizo akuti fayilo idzapepuka kwambiri. Ambiri amayembekeza kuti akachotsa magawo awiri mwa atatu a kanivasi, mabandulo a intaneti apulumuka. PNG imapanikiza bwino kwambiri malo ofanana, choncho malo opanda kanthu satenga danga lalikulu pa fulashi, ndipo mukadula kusiyana kumakhala kochepa. Kumene phindu limaoneka ndi pamene fayilo yatsegulidwa, poti apo pikiselo iliyonse imafuna mabayiti anayi, kaya ili ndi utoto kaya ilibe. Kanivasi ya 3000 ndi 2000 imafuna mamegabayiti 24, pamene ya 1500 ndi 1200 imafuna 7.2. Pa kompyuta yakale ya mu ofesi, chikalata chokhala ndi zithunzi makumi awiri zotere chimamveka kulemera kwake.

Kudula kunandiululiranso chinthu chimene sindinachiganizire. Ndinkadzitama kuti fayilo yathu ndi ya mapikiselo 3000, yokwanira bwino masentimita 25 pa muyeso umene osindikiza amakonda wa mapikiselo 300 pa inchi. Koma logo yokha inali 1500. Masentimita 25 ndi mainchi pafupifupi 9.84, ndiye 1500 kugawa ndi 9.84 kukupereka mapikiselo pafupifupi 152 pa inchi, theka la zimene ndinkaganiza. Kudula sikuonjezera pikiselo ngakhale imodzi, kumangokuonetsani zimene muli nazodi. Pa nsalu, pa logo ya zilembo zikuluzikulu ngati yathu, 152 inapiririka. Pa pepala losalala lokhala ndi tizilembo ting'onoting'ono ikanaoneka yofooka m'mphepete. Ngati logo inajambulidwa mu CorelDRAW, Illustrator kapena Inkscape, musalimbane ndi kukokera PNG yaing'ono. Bwererani ku fayilo yoyambirirayo mukatulutse ina yaikulu. M'mapulogalamu amenewa kudula ndi kuchepetsa tsamba kuti lifanane ndi chojambula: `Fit to Artwork Bounds` mu Illustrator, `Ctrl+Shift+R` mu Inkscape, kapena mu CorelDRAW kusankha logo yokha n'kuchonga `Selected only` potulutsa. Zinyalala zake kumeneko ndi za mtundu wina, monga kabokosi ka mawu kopanda mawu kapena kamzere kopanda mtundu kotsalira patali, koma zotsatira zake n'zomwezo.

Tsono si fayilo iliyonse imene iyenera kumetedwa mpala. Chithunzi cha mwini akaunti pa WhatsApp ndi pa Facebook chimaonetsedwa mozungulira, ndiye logo ya ngodya zinayi yodzaza kanivasi yonse imadyeka ngodya zake. Kuti ikwane m'kati mwa chozunguliracho, mbali yake isapitirire magawo asanu ndi awiri mwa khumi a kanivasi, kutanthauza logo ya mapikiselo 700 pa kanivasi ya 1000 ndi 1000. Masitika a WhatsApp nawo ali ndi muyeso wokhazikika wa 512 ndi 512, ndipo eni ake amalangiza kusiya malo a mapikiselo 16 m'mbali. Ngakhale apa, yambani ndi kudula. Mukadula mumadziwa pamene chojambula chathera, kenako mumaonjezera malo amene mwawayeza nokha, ofanana mbali zonse, kudzera pa `Canvas Size`. Mu Photoshop chongani `Relative` n'kulemba 40 m'lifupi ndi 40 kutalika kuti mbali iliyonse ilandire 20. Mu GIMP lembani kukula kwatsopano n'kudina `Center`. Malo amene munthu wawaika mwadala amasiyana ndi amene anangotsalira, chifukwa oyambawo mumadziwa nambala yake.

Pali mafayilo ena amene kuwadula payekhapayekha n'kuononga ntchito. Osindikiza ndi sefa, amene amakoka inki mtundu umodzi pa nthawi, amafuna fayilo yakeyake pa mtundu uliwonse, ndipo mafayilowo ayenera kugona ndendende pamwamba pa anzake. Mukadula ya zofiira payokha ndi ya zakuda payokha, iliyonse ituluka ndi kukula kwake ndi pakati pake, ndipo mitunduyo idzasemphana pa nsalu. Dulani kamodzi mitundu yonse ili pamodzi, kenako mutulutse mtundu uliwonse pa kanivasi imodzimodziyo. Chimodzimodzinso zithunzi zotsatizana zopangira kanema woyenda: chilichonse chikadulidwa pachokha, chojambulacho chimanjenjemera.

Ntchito yonseyi imatha kufera pa khomo, potumiza. JPEG ilibe alefa, ndiye mukasunga mwa mtundu umenewo malo onse oonekera amadzazidwa, kawirikawiri ndi choyera, nthawi zina chakuda. Ngakhale mutadula bwino, pakati pa zilembo ndi m'ngodya mumatsalabe malo oonekera, ndipo logo yanu idzatuluka itakhala pa bokosi loyera. Sungani ngati PNG. Potumiza pa WhatsApp musatumize ngati chithunzi wamba, chifukwa imachipanikiza, kuonekera kuja n'kutayika. Dinani `Document` n'kusankha fayiloyo kuti ifike mmene ilili.

Matisheti makumi atatu otsalawo anatuluka bwino. Khumi oyamba aja ndinalipira ndekha, ndipo ndi amene timavala pa pulakatisi. Kuyambira pamenepo uthenga wanga kwa wosindikiza umakhala ndi manambala awiri m'malo mwa imodzi: fayilo ndi ya mapikiselo 1500 ndi 1200, ilibe malo m'mbali, ikhale masentimita 25 m'lifupi ndi 20 kutalika. Akaika 25 n'kuona kuti kutalika sikukupereka 20, amadziwa asanathire inki kuti fayilo imene watsegula si imeneyo. Inunso mukamatumiza yanu lembani manambala onse awiri, ndipo mupemphe tisheti imodzi yoyesera muiyeze ndi tepi asanasindikize zotsalazo.